Mtengo wa Lima Imodzi Uchokere Kuti: M'khola Mwathu Kapena M'munda mwa Wolimiridwa?

Ambiri mwa amene amamaliza maphunziro pano ndi kubwerera kumidzi ya ku Petauke ndi ku Nyimba, akangopeza ng'ombe ziwiri zapagoli, amayamba kulimira anzawo kuti apezepo ndalama. Ntchitoyo amaidziwa bwino, popeza kumanga goli, kuwongola mzere ndi kusamala ng'ombe anaphunzira. Chimene chimawasautsa ndi funso limene mwini munda amafunsa atangomaliza moni: "Nanga lima imodzi muchita zingati?" Ena amangotchula mtengo umene anamva kwa mnzawo wa mudzi woyandikana nawo. Ena, makamaka amene anagwiritsa bwino phunziro la kusunga mabuku, amawerengera zonse zimene awononga, nawonjezapo pang'ono kuti likhale phindu lawo.

Njira yachiwiriyi ndi yabwino kuposa yoyamba, ndipo ife timaiphunzitsa. Koma ife tikuti payokha si yokwanira. Kuwerengera zimene tawononga kumatiuza malire a kumunsi, amene tikawapitirira ndiye kuti tikudya ng'ombe zathu zomwe. Mtengo weniweni uyenera kuchokera m'munda mwa wolimiridwa, ndiko kuti pa phindu limene ntchito yathu imubweretsera. Tifuna tionetse zimenezi pa ntchito imodzi yokha, yolimira anthu ndi ng'ombe, ndipo tiyendera limodzi ndi manambala mpaka kumapeto.

Kuwerengera zimene tawononga

Tiyerekeze mlimi wa ng'ombe ziwiri, pulawo ndi ripa. Manambala amene tiikepo ndi ongoyerekeza, oti aliyense afafanize ndi kulembapo ake, chifukwa mitengo ya ku Minga si ya ku Kacholola, ndipo ya chaka chino si ya chaka chamawa.

Pali zinthu zimene mwini ng'ombe amalipira chaka chonse, kaya ng'ombezo zagwira ntchito kaya zangogona m'khola. Mankhwala a nkhupakupa, a njoka zam'mimba, katemera, ndiponso mankhwala a matenda obwera ndi ntchentche za kashembe kwa amene ali chakufupi ndi chigwa cha Luangwa, tinene kuti ndi K1,200 pachaka. Mbusa, mchere, madeya ndi chakudya china cha m'chilimwe, K1,800. Kutha kwa pulawo, ripa, tcheni ndi goli, pamodzi ndi mipeni imene imaperepeseka m'nthaka, K1,000. Chachinayi ndi chimene ambiri amaiwala: ndalama yosungira tsiku limene ng'ombe idzafa kapena kubedwa. Ng'ombe yokalamba imagulika kubutchala, choncho ukalamba wake si umene umaluzitsa. Imene imaluzitsa ndi yofa mwadzidzidzi. Tiikepo K2,000. Zonse pamodzi zakwana K6,000 pachaka.

Tsopano tigawe ndalamayi pa masiku a ntchito. Ngati ng'ombe zilowa m'minda masiku 40 panyengo, tsiku lililonse lisenza K150. Pamwamba pake pali anthu awiri, wogwira pulawo ndi wotsogolera ng'ombe, amene tiwapatse K50 aliyense. Ngakhale wogwira pulawoyo akhale mwini wake, ndipo wotsogolerayo akhale mwana wake, K100 imeneyi ilembedwe, pakuti thukuta la pabanja nalo lili ndi mtengo. Motero tsiku limodzi la ntchito limadya K250. Amene ali ndi ngolo akhoza kusenzetsa ngoloyo gawo lina la K6,000 ija, koma pano tiisiye pambali kuti nkhani isachuluke nthambi.

Lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, mamitala 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Pulawo ya ng'ombe imatembenuza nthaka ya masentimitala pafupifupi 25 paulendo umodzi, kotero kuti pomaliza lima imodzi ng'ombe zimakhala zitayenda maulendo 200, amene ndi makilomita 10. Imeneyi ndi ntchito ya m'mawa wonse, ndipo ng'ombe zikaimaliza ziyenera kumasulidwa kuti zikadye. Choncho lima imodzi yagalauza ndi tsiku limodzi, K250. Tikawonjezapo magawo 20 pa 100 ngati phindu, mtengo ukhala K300.

Kuwerengera kumeneku n'kwa mtengo wapatali, ndipo amene sanakuchitepo akuchite sabata ino. Kumaulula zimene diso silimaona. Munthu amene amalimira anzake pa K200 amaona ndalama ikulowa tsiku ndi tsiku, nadziyesa wopeza bwino, osadziwa kuti pa lima iliyonse akupereka K50 yochokera m'khola mwake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amadzazindikira tsiku limene ng'ombe yagwa, m'nyumba mulibe yogulira ina.

Pamene njira imeneyi imatsimphina

Vuto loyamba lili pa nambala ija ya masiku 40. Sitinaipeze m'buku la malisiti. Tinangoiganizira, ndipo mwini wake weniweni ndi mvula. Mvula ikachedwa, kapena ng'ombe imodzi ikatupa phewa, masiku akhoza kutsika kufika pa 25. K6,000 ija ikagawidwa pa masiku 25, tsiku lililonse lisenza K240, ndipo pamodzi ndi aganyu aja ikhala K340. Mtengo wa K300 umene tinkauyesa waphindu wasanduka woluzitsa. Tikati titsatire njirayi mokhulupirika, ndiye kuti tiyenera kukweza mtengo chaka chimene ntchito yachepa, chomwenso ndi chaka chimene anthu alibe ndalama. Tikakweza, ena athawa, masiku achepanso, ndipo masamu atiuza kuti tikwezenso. Njira yotere imazungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu koposa, ndipo limakhudza kwambiri inu amene munaphunzira ulimi wosagalauza. Ripa, monga ya Magoye ija imene inatenga dzina la malo a kafukufuku a ku chigawo chakumwera, ndipo bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likuilimbikitsa, imang'amba mzere wodzalamo wokha, n'kusiya nthaka ina yonse osaikhudza. Mizere ikatalikirana masentimitala 90, lima imodzi imakhala ndi mizere pafupifupi 56, ndipo ng'ombe zimayenda makilomita osakwana atatu m'malo mwa 10. Nthaka youma imachedwetsa, komabe tinene kuti malima atatu patsiku atheka.

Tsiku lija la K250 likagawidwa patatu, lima imodzi idya pafupifupi K85. Tikawonjezapo phindu lija, mtengo ukhala K100. Madzulo mwini ng'ombe aloweza K300 m'thumba, ndalama yomweyo imene akanapeza ndi pulawo. Anagula chida chatsopano, anaphunzira luso latsopano, akugwira ntchito yothandiza mwini munda kuposa kale, koma mphotho yake palibe. Apa ndi pamene kuwerengera zimene tawononga kumaonetsa chilema chake. Kumalanga wochita changu, n'kumalipira wozengereza, chifukwa amene wawononga zambiri ndiye amaloledwa kutchula mtengo waukulu.

Vuto lachitatu ndi lakuti njirayi siidziwa kalendala. Kwa iyo, lima yolimidwa tsiku lachiwiri la mvula yodzalira ndi lima yolimidwa Khirisimasi itayandikira n'zofanana, popeza ng'ombe zayenda makilomita omwewo. Koma palibe mlimi ndi mmodzi yemwe m'dera lathu amene angavomere kuti minda iwiriyi ndi yofanana.

Chimene wolimiridwa amagula

Munthu wobwera kudzapempha ng'ombe sagula makilomita, sagulanso thukuta lathu. Amagula tsiku lodzala. Akatswiri a zaulimi m'Zambia muno akhala akunena kwa zaka zambiri kuti chimanga chikachedwa kudzalidwa mvula yoyamba yodzalira itagwa, zokolola zimatsika ndi gawo limodzi kapena awiri pa 100 tsiku lililonse. Zifukwa zake mumazidziwa. Mvula yoyamba imadzutsa chonde cha m'nthaka, chimene chimakokoloka kapena kulowa pansi ngati palibe mizu yochigwira. Udzu umatsogola. Chimanga chochedwa chimafika pomasula ngayaye mvula itayamba kudukiza.

Amene alibe ng'ombe amadikira kuti mwini ng'ombe amalize munda wake, ndi wa amalume ake, ndi wa amene anafika msanga. Kudikira masabata awiri si chachilendo. Tiyerekeze mayi amene ali ndi mbewu yabwino ndi feteleza, ndipo pa lima imodzi amayembekeza matumba 15 a makilogalamu 50. Akachedwa masiku 14, ndipo titenge nambala yaing'ono ija ya gawo limodzi patsiku, ataya magawo 14 pa 100, amene ndi matumba awiri. Mu 2025 bungwe la FRA linaika mtengo wa K340 pa thumba. Pa mtengo umenewo matumba awiri ndi K680. Imeneyi ndi ndalama imene kudikira kumamudyera mayiyu pa lima iliyonse, ndipo ndi imene mizere ya ripa yokonzedwa mvula isanagwe ingamupulumutsire.

Kuti tipeze malire a kumtunda, tifunse funso ili: tikapanda kumugwirira ntchito ife, mayiyu achita chiyani? Adikira pulawo ya K300, n'kutaya K680. Ndiye kuti njira yake inayo imamudyera K980. Koma tisathamange, chifukwa ntchito yathu nayo ili ndi katundu wake. Munda wong'ambidwa ndi ripa sunagalauzidwe, choncho udzu umamera msanga, ndipo mayiyu adzafunika mankhwala ophera udzu kapena aganyu opalira kamodzi kowonjezera. Tiyerekeze kuti zimenezi ndi K200. Tikachotsa, patsala K780. Kupitirira pamenepa, mayiyu ndi bwino angodikira pulawo.

Tsopano tili ndi malire awiri: K85 kumunsi ndi K780 kumtunda. Pakati pake pali bwalo lalikulu, ndipo mtengo uliwonse wa m'bwalomo umapindulitsa onse awiri. Amene amangowerengera zimene wawononga amaima m'mphepete mwenimweni, pa K100, osadziwa kuti bwalolo lilipo.

Tiime pati m'bwalomo?

Sitikunena kuti mutchule K700. Pali zifukwa zitatu zoimira kutali ndi malire a kumtunda, ndipo zonse ndi za bizinesi, tisanafike n'komwe pa za chikumbumtima.

Choyamba, matumba awiri aja ndi oyembekezera chabe. Mayiyu alipira lero ndalama yeniyeni pofuna chimanga cha mu Meyi, ndipo pakati pake pali ng'amba, ntchemberezandonda ndi matenda apabanja. Munthu wanzeru salipira kwacha yathunthu pa kwacha imene mwina sadzaiona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Phindu loyembekezera tiliwerenge ngati theka, kapena kuchepera apo.

Chachiwiri, malire a kumtunda amasuntha ndi amene ali pafupi. Ngati mudzi wachiwiri uli ndi munthu wa ripa amene amagwira ntchito yofanana ndi yathu pa K150, njira ina ya mayi uja si pulawo yochedwanso ayi, koma munthu ameneyo. Pamenepo tingamupose kokha ndi zimene tili nazo zoposa zake, monga kuzama kwa mzere ndi kusunga tsiku. Ndipo banja la manja ambiri likhoza kukumba maenje ndi khasu m'chilimwe, osalipira aliyense.

Chachitatu, m'mudzi timagulitsa kwa anthu omwewo chaka ndi chaka. Wamalonda wa nthochi pamsewu waukulu ku Nyimba akhoza kugulitsa kwa munthu wapabasi amene sadzamuonanso. Ife wolimiridwa wathu tidzakumana naye kuchigayo, kudibi ndi kumaliro. Ayenera kuona ndi maso ake kuti gawo lalikulu la phindu latsala m'nkhokwe mwake, kuti chaka chamawa abwere yekha ndi mnzake.

Poganizira zonsezi, mtengo wa K220 pa lima ndi woyenera m'chitsanzo chathu. Mayi uja alipira K220, nawonjezapo K200 ya udzu, zonse K420. Wawononga K120 yokha kuposa ya pulawo, pofuna kupulumutsa chimanga cha K680. Ngakhale atapulumutsa thumba limodzi lokha, wapindulabe. Mwini ng'ombe, pa malima atatu, alandira K660 patsiku limene lamudyera K250. Phindu lake lachoka pa K50 kufika pa K410, ndipo palibe amene waberedwa.

Mtengo usiyane ndi tsiku, osati ndi nkhope

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchiyang'ana mosabisa. Phindu la ntchito yathu silifanana kwa anthu onse. Bambo amene alibe feteleza, amene amakolola matumba asanu pa lima, akachedwa masiku 14 sataya ngakhale thumba lathunthu. Pa mtengo womwewo wataya ngati K240. Tikaiwerenga ngati theka, monga tanenera, kwa iyeyu K220 ya ripa pamodzi ndi K200 ya udzu n'zofanana pafupifupi ndi kungodikira. Kodi ndiye tiziyang'ana nyumba ya munthu, n'kutchula mtengo wina kwa wamalata ndi wina kwa waudzu? Ife tikuti ayi. Mtengo wosiyana ndi nkhope subisika m'mudzi, ndipo ukaululika umawononga dzina.

Njira yoyera ndi kuika mitengo motsata nthawi, yofanana kwa aliyense, kuti munthu asankhe yekha. M'chitsanzo chathu ingakhale itatu. Kung'amba mizere ndi ripa m'chilimwe, K220. Kugalauza m'masiku asanu ndi awiri oyamba a mvula yodzalira, K400. Kugalauza masiku amenewa atapita, K280. Wa feteleza, amene tsiku limamudyera zambiri, asankha woyamba kapena wachiwiri. Wodzala mtedza kapena soya pambuyo pa chimanga, kapena amene alibe changu, asankha wachitatu. Aliyense amadziwa munda wake kuposa ife, ndipo posankha amatiuza yekha kulemera kwa ntchito yathu kwa iye.

Masiku asanu ndi awiri aja ndi katundu wosowa. Ng'ombe ziwiri sizingalime malima oposa asanu ndi awiri m'sabata imeneyo, ndipo ena mwa malimawo ndi a mwini wake. Apa pali ndalama ina imene buku la zowonongedwa silimaionetsa. Mwini ng'ombe akasiya munda wake n'kukalimira wina pa K300, iye mwini amataya chimanga pa tsiku lililonse limene wachedwa. Ichi n'chifukwa china chong'ambiratu munda wathu m'chilimwe, kuti sabata ya mvula itipeze tili omasuka.

Nthawi ya ripa nayo ifuna nzeru. Mu Juni ndi Julaye nthaka imakhala isanaumitse, ng'ombe zili ndi mphamvu, ndipo anthu ali ndi ndalama za mtedza ndi chimanga. Pofika mu Okutobala nthaka ndi mwala, ng'ombe zaonda, ndipo malima atatu patsiku akhoza kutsika kufika pa awiri. Koma mizere yong'ambidwa msanga imapondedwa ndi ziweto zimene zimayenda momasuka anthu akakolola, ndipo ina imafuna kubwerezedwa mvula isanagwe. Ngati kubwerezako kuli pa ife, kulowe m'masamu ndipo kunenedwe pachiyambi.

Kodi si kudyera mnzathu masuku pamutu?

Tikudziwa kuti ena mwa inu mtima wakana pofika pa K400. Munthu wafika m'mamawa, mvula yagwa usiku, mbewu ili m'manja, ndiye ife tikweze mtengo chifukwa watsamwa? Funsoli n'loona, ndipo sitilipeputsa. Pali kusiyana pakati pa mtengo wotsata phindu ndi mtengo wotsata kusowa pogwira, ndipo kusiyanako kuli pa nthawi imene mtengowo wanenedwa. Mtengo wotchulidwa pakhomo, munthu atasowa kolowera, ndi msampha. Mtengo wolengezedwa mu Juni pamsonkhano wa kopaletivu, wolembedwa papepala, pamodzi ndi njira ina yotsika imene aliyense akanatha kusankha, ndi pangano.

Tikumbukirenso kuti mtengo umodzi wa K300 suthetsa kusowa kwa masiku aja. Umangosintha wogawa. Masikuwo amapita kwa achibale, kwa amfumu ndi kwa amene ali ndi mawu, ndipo mayi wamasiye amakhalabe kumapeto kwa mzere. Mtengo wotsika kwa onse ndi mphatso imene gawo lake lalikulu limagwera amene ali ndi minda ikuluikulu. Amene afuna kuthandiza wosauka athandize mwadala: asankhe tsiku limodzi kapena awiri panyengo, alimire amene wawasankha pa mtengo wa aganyu okha kapena kwaulere, ndipo alembe m'buku kuti wapereka K250. Kupatsa n'kuika, koma munthu amaika chimene ali nacho. Amene ng'ombe zake zatha chifukwa cha mtengo wachisoni sadzalimiranso wamasiye aliyense.

Mtengo wotsata phindu uli ndi ngongole yake

Amene watchula mtengo chifukwa cha phindu walonjeza phindulo, ndipo ayenera kuima nalo. Ngati talandira K400 chifukwa cha sabata yoyamba, n'kufika tsiku lakhumi, mtengo utsike kufika pa K280 popanda mkangano, ndipo zimenezi zinenedwe polandira chikole. Tisalembe anthu ochuluka kuposa masiku amene tili nawo. Ngati talandira K220 ya ripa, mzere uzame masentimitala 15 kapena kuposa, kuti uswe chikwakwa cholimba chimene pulawo yasiya pansi kwa zaka zambiri. Mwini munda aloledwe kulowetsa ndodo yoyezera m'mizere asanalipire. Mzere wongokanda pamwamba suli ndi phindu limene tinawerengera, ndipo kulandira mtengo wake wonse ndi kuba.

Ndiponso phindu likatsika, mtengo utsike nalo. Nyengo ya 2023 mpaka 2024 mvula inadula, chimanga chinapserera m'minda yambiri, mpaka pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Nyengo yotsatira chaka chotere, ambiri amakhala opanda ndalama ya feteleza, ndipo munda wopanda feteleza supindula kwambiri ndi tsiku. Malire a kumtunda amatsika. Pamenepo ndi pamene kudziwa malire a kumunsi kumathandiza. K6,000 ija tiilipirabe ngakhale ng'ombe zigone, choncho ntchito iliyonse yolipira aganyu n'kutsalako kanthu imachepetsa chiluzi. Kutsika motere n'kwa nyengo imodzi. Kukakhala chizolowezi, khola litha.

Ambiri amalipira ndi chimanga pokolola. Tikavomera, tiwerengere thumbalo pa mtengo wa m'mudzi wa mu Meyi, umene umakhala wotsika, osati wa FRA kapena wa mu Januwale. Tikumbukire kuti tadikira miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ndiponso kuti tasenza nawo tsoka la mvula. Chiwerengero cha mathini chigwirizanidwe ntchito isanayambe, pamaso pa mboni.

Kumene kuwerengera zowonongedwa kumakwanira

Pali ntchito zina zimene bwalo la pakati pa malire awiri ndi lopapatiza. Chigayo ndi chitsanzo. Pamsika pamene pali zigayo zitatu, ufa wa mgaiwa ndi umodzimodzi, ndipo mayi amene wakwezeredwa mtengo amangosenza thini lake n'kupita khomo lina. Pamenepo mtengo umaikidwa ndi msika, ndipo ntchito ya mwini chigayo ndi kulondola dizilo, amene mtengo wake bungwe la ERB linayamba kuuwunika mwezi ndi mwezi mu 2022, kuti adziwe ngati akadali pamwamba pa malire ake a kumunsi. Chimodzimodzi kututa njerwa ndi ngolo m'chilimwe, pamene ngolo ndi zambiri ndipo tsiku lililonse n'lofanana ndi linzake. Mtengo wotsata phindu umagwira pamene ntchito yathu ikusintha zokolola za munthu, ndipo pali chinthu chimene timachita chimene ena sachita, kapena nthawi imene ena sangathe.

Zizindikiro za mtengo wolakwika

Mtengo wotsikitsa umadziwika ndi izi. Aliyense amavomera nthawi yomweyo osanenerera. Mayina amadzaza buku mpaka kukana ena, koma nyengo ikatha palibe ndalama yogulira mpeni wa pulawo popanda kugulitsa mbuzi. Ng'ombe zimamangidwa m'mawa ndi madzulo kuti ndalama ikwane, ndipo mapewa ake amaonetsa.

Mtengo wokwezetsa nawo uli ndi zizindikiro zake. Anthu amafunsa n'kupita osabweranso. Amene tinawalimira chaka chatha alemba kwa wina. Ngongole zosabwezedwa zimachuluka, chifukwa munthu amene akumva kuti anafinyidwa salipira ndi mtima wonse. Pakati pa ziwirizi pali mtengo umene ena ochepa amaukana, ambiri amang'ung'udza pang'ono n'kulipira, ndipo chaka chamawa amabweranso.

Tikupempha aliyense wa inu amene amalimira anthu kuti mwezi uno atenge pepala n'kulipinda pakati. Kumanzere alembe zimene ng'ombe zake zimadya pachaka, agawe ndi masiku amene zinagwiradi ntchito nyengo yatha, osati amene akulakalaka. Kumanja alembe mayankho a anthu atatu amene anawalimira: anadzala liti, anakolola matumba angati, ndipo akanapanda iyeyo akanachita chiyani. Nambala ya kumanzere ndi yosunga khola, ndipo isadumphidwe. Mtengo wolengeza kwa anthu uchokere kumanja, ndipo ulengezedwe fumbi likadali m'njira, mitambo isanayambe kusonkhana.